Mmene mungajambulire zinthu zakutali ndi foni chithunzi osatuluka chimbuuzi

Mwaona chikwangwani kutsidya kwa msewu, mbalame pamwamba pa mtengo, kapena mwana wanu ali pakati pa bwalo la mpira. Mwatulutsa foni, mwatambasula zala ziwiri pasikirini mpaka nambala yafika pa 10x, mwajambula. Pa nthawiyo chithunzi chimaoneka ngati chili bwino. Koma mukachitsegula pambuyo pake, zilembo zalumikizana, nkhope zilibe maso, ndipo masamba a mtengo asanduka phala lobiriwira. Ambiri amapukuta lenzi n'kuyesanso, ena amangoti foni yatha ntchito. Kawirikawiri foniyo imakhala ilibe vuto. Chimene chachitika n'chakuti mwaipempha kuti ikulitse zinthu zimene sinazione, ndipo iyo yangolosera.

Zofunika kukhala nazo

- Foni yanu ndi pulogalamu ya kamera imene inabwera nayo
- Kansalu kofewa, kouma, kopukutira magalasi
- Chinthu chokhala ndi zilembo pa mtunda wa mamita 30 mpaka 50, monga chikwangwani, choyesererapo
- Potsamiritsa foni: khoma, mpanda, tebulo, kapena choimikapo cha miyendo itatu ngati muli nacho
- Kuwala kwa masana, chifukwa kuyesa koyamba kuyenera kuchitika kunja kukuwala

Gawo loyamba: dziwani malenzi amene foni yanu ili nawo

1. Werengani manambala amene ali pasikirini ya kamera. Tsegulani kamera pa Photo. Pamwamba pa batani lojambulira pamakhala manambala monga 0.5x, 1x, 2x, 3x kapena 5x. Nambala ya 1x ndi kamera yaikulu, imene ili ndi sensa yaikulu kuposa zinzake ndipo imalandira kuwala kochuluka. Sensa ndi kachipangizo kamene kali kuseri kwa lenzi, kolandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi. Ya 0.5x kapena 0.6x ndi lenzi yoona motambalala. Manambala opitirira 1x ndi amene tikufuna kuwafufuza, chifukwa ena ali ndi lenzi yawoyawo ndipo ena alibe.

Pafupifupi mafoni onse ali ndi malenzi osasuntha. Kamera yaikulu ya akatswiri ikamakoka chinthu chakutali, magalasi amayenda m'kati mwake. Foni ndi yopyapyala, ilibe malo otero, choncho imangodumpha kuchoka pa lenzi ina kupita pa ina. Zumu ya lenzi, imene imabweretsadi chinthu pafupi, imapezeka pa manambala okhawo amene ali ndi lenzi yawo. Pena paliponse foni imagwiritsa ntchito zumu ya digito, kutanthauza kuti imadula pakati pa chithunzi n'kutambasula kachidutswako. Mafoni okhala ndi magalasi oyendadi alipo, monga Sony Xperia 1 IV ya mu 2022 imene lenzi yake imayenda kuchoka pa mamilimita 85 kufika 125, koma ndi ochepa kwambiri.

*Chenjezo:* musawerenge timabowo ta kumbuyo kwa foni n'kuganiza kuti tonse n'tokokera zakutali. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, kamera yachiwiri ndi yachitatu zimakhala za mamegapikiselo 2, kutanthauza timadontho mamiliyoni awiri okha m'chithunzi, ina yojambulira tinthu tapafupi kwambiri, ina yongoyezera mtunda pofuna kufifilitsa kumbuyo kwa munthu. Foni yotero ingakhale ndi batani la 2x koma ilibe lenzi ya 2x.

2. Yesani ndi chala. Imani panja masana, lozani foni pa chinthu chakutali, dinani 2x kapena 3x. Kenako phimbani malenzi a kumbuyo ndi chala, imodziimodzi. Lenzi imene mukaiphimba sikirini imada ndiyo ikugwira ntchito. Ngati pa 1x ndi pa 3x sikirini ikuda mukaphimba lenzi yomweyomweyo, ndiye kuti 3x yanu ndi ya digito. Yang'anitsitsani nthawi yomweyo imene mwaika chala, chifukwa mafoni ena akaona kuti lenzi yatsekedwa amathawira msanga ku kamera yaikulu, ndipo chithunzi chimangophethira n'kubwereranso.

3. Tsimikizani ndi zimene chithunzi chalemba. Jambulani kawiri, pa 1x ndi pa nambala yaikulu. Tsegulani chilichonse, kokerani m'mwamba kapena dinani Details, pa iPhone dinani ⓘ. Mwachitsanzo, iPhone 15 Pro imalemba Main Camera ndi 24 mm pa kamera yaikulu, ndipo imalemba Telephoto Camera ndi 77 mm pa lenzi ya 3x. Pa mafoni a Android yang'anani nambala yoyamba ndi f/ komanso ya mm. Ngati nambala ya f/ yasintha pakati pa zithunzi ziwirizo, lenzi yasinthadi. Lembani penapake manambala a zumu amene ali ndi lenzi yawo. Zonse zotsatira zikudalira pamenepa.

Gawo lachiwiri: werengani zimene zumu ya digito ikukulandani

4. Phunzirani masamu amodzi okha. Mafoni ambiri amatulutsa chithunzi cha mamegapikiselo 12, chimene ndi timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Mukakoka 2x mwa digito, foni imatenga theka la mulitali ndi theka la mulifupi, ndiye kuti 2000 ndi 1500. Zatsala ndi mamegapikiselo 3, gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa 4x pamatsala 1000 ndi 750, osakwana ndi megapikiselo imodzi yomwe. Pa 10x pamatsala 400 ndi 300 basi.

Komabe fayilo imene foni ikupatseni idzalembedwabe kuti 4000 ndi 3000. Ndiye kuti pa timadontho 100 tilitonse tili m'chithunzi cha 10x, kamodzi kokha ndi kamene sensa inakaonadi, tina 99 pulogalamu yadzaza yokha poyang'ana toyandikana nato. Pamene panali tsitsi, udzu kapena njerwa, pulogalamuyo imasalaza, kenako imanola m'mphepete kuti zioneke ngati zakuthwa. N'chifukwa chake chithunzi chotero chimakhala ndi mizere yokhuthala m'mbali mwa zinthu koma m'kati mwake muli see, ndipo nthawi zina mumaoneka kamzere koyera kozungulira denga kapena mutu wa munthu.

5. Yerekezani ndi chinthu chenicheni musanajambule. Tiyeni titenge chikwangwani chili pa mtunda wa mamita 50, chokhala ndi zilembo zotalika masentimita 10. Kamera yaikulu ya foni imaona dera lotambalala pafupifupi kamodzi ndi gawo limodzi mwa atatu a mtunda umene mwaima, choncho pa mamita 50 ikuona dera la mamita 65 kapena kuposerako pang'ono. Gawani timadontho 4000 pa mamita 65, mupeza kuti mita iliyonse yalandira timadontho pafupifupi 60. Chilembo cha masentimita 10 chalandira timadontho 6 kuchoka pamwamba kufika pansi.

Ganizirani chilembo E. Chili ndi mizere itatu yopingasa ndi mipata iwiri pakati pake, zinthu zisanu zoti zikwane mu timadontho 6. Dzanja likangogwedezeka pang'ono, E, B ndi 8 zimafanana. Mutha kukoka mpaka 10x, 20x kapena 30x, chilembocho chidzadzaza sikirini, koma chidzakhalabe cha timadontho 6 timene tafufumitsidwa.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi. Ndi lenzi yeniyeni ya 5x, pa mamita 50 omwewo, dera limene kamera ikuona limachepa kufika pa mamita 13 kapena 14, ndipo chilembo chija chimalandira timadontho pafupifupi 30. Chimawerengeka popanda kuvutika. Ngati foni yanu ilibe lenzi yotero, yendani. Pa mamita 25 kamera yaikulu imapatsa chilembocho timadontho 12, pa mamita 10 imachipatsa 30, chimodzimodzi ndi lenzi ya 5x ija. Kuchepetsa mtunda ndi theka kumachita zimene lenzi ya 2x ikanachita, ndipo mukugwiritsabe ntchito sensa yabwino koposa pa foni yanu. Ine ndimaona kuti pa zonse zimene zalembedwa pano, chimenechi ndicho chimasintha zithunzi kwambiri, ndiponso ndicho chimene anthu amachichitira ulesi.

Gawo lachitatu: kujambula kwenikweni

6. Pukutani lenzi. Mafuta a m'zala amachititsa chithunzi chonse kuoneka chotuwa, ndipo magetsi amatuluka ndi michira. Pukutani malenzi onse, osati yaikulu yokha.

7. Dinani nambala, musatambasule zala. Apa ndi pamene ambiri amaphonya osadziwa. Ngati foni yanu ili ndi lenzi ya 3x, ndipo zala zanu zaima pa 2.8x, nthawi zambiri mumakhala mudakali pa kamera yaikulu, ndipo yataya mbali yaikulu ya timadontho take. Mukadina 3x, lenzi ina imatenga ntchito ndi timadontho take tonse. Choncho 3x imatuluka bwino kuposa 2.8x, ndipo pa foni yokhala ndi 5x yokha, chithunzi cha 5x chimaposa cha 4x ngakhale kuti 4x ikuoneka ngati yaing'ono. Ngati 5x ikudula mbali ya chimene mukufuna, bwererani m'mbuyo masitepe angapo m'malo motsitsa nambala.

Mukafuna kupitirira lenzi yanu yaitali, musadutse kawiri nambala yake: 6x pa lenzi ya 3x, 10x pa ya 5x, 2x pa foni yokhala ndi kamera yaikulu yokha. Pamenepo mwatsala ndi gawo limodzi mwa anayi, lomwe n'lokwanira kuonera pafoni. Manambala aakulu monga 100x, amene Samsung inayamba kulengeza ndi Galaxy S20 Ultra mu 2020, amathandiza kuzindikira kuti chili kutalicho n'chiyani, koma sapereka chithunzi choti n'kusunga.

8. Ngati foni ili ndi 48MP, 50MP kapena kuposa, igwiritseni ntchito kukakhala dzuwa. MP ndi chidule cha mamegapikiselo. Masensa a 48MP ndi 50MP kawirikawiri amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, n'chifukwa chake foni ya 50MP imatulutsa chithunzi cha pafupifupi 12MP. Kukawala bwino, foni ingathe kudula pakati pa sensa osaphatikiza, ndipo 2x yake imatuluka ndi timadontho pafupifupi 12MP timene yationadi. Ndi mmene 2x ya iPhone 14 Pro imagwirira ntchito. Ngati foni yanu siichita zimenezi yokha, sankhani 48MP kapena 50MP pa kamera, jambulani pa 1x, kenako dulani nokha pa Edit. Chilembo chathu cha timadontho 6 chingafike pa 12 mwa masamu, ngakhale kuti m'maso phindu lake limakhala locheperapo, chifukwa timadontho tosaphatikizato n'tating'ono kwambiri.

*Chenjezo:* madzulo kapena m'nyumba njira imeneyi imabweza m'mbuyo. Kadontho kakang'ono kamalandira kuwala kochepa, chithunzi chimadzaza tinjerenjere, ndipo pulogalamu potichotsa imafufutira limodzi ndi zimene mumafuna.

9. Onetsetsani kuti foni sinakusinthireni lenzi mwakachetechete. Lenzi yokokera zakutali imalowetsa kuwala kochepa. Pa kamera yaikulu mumapeza manambala monga f/1.8, pa yokokera mumapeza f/2.4, f/2.8 kapena kuposa, ndipo nambala ikakula ndiye kuti bowo lolowera kuwala lachepa. Sensa yake nayonso imakhala yaing'ono. Choncho kukayamba kuda, kapena chinthu chikakhala pafupi kwambiri moti lenziyo singachigwire, mafoni ambiri amabwerera ku kamera yaikulu n'kudula, pamene sikirini ikulembabe 3x. Bwerezani kuyesa kwa chala kuja pamalo pomwepo. Mukapeza kuti yasintha, lozani foni pa mbali yowala ya chinthucho, kapena yesani gawo la kamera lotchedwa Night, limene limajambula kangapo n'kuphatikiza. Pa mafoni ena, gawo la kamera lotchedwa Pro limakulolani kusankha lenzi nokha ndipo siisintha.

10. Tsamiritsani foni. Zumu imakulitsa chinthu, imakulitsanso kunjenjemera kwa dzanja ndi mlingo womwewo. Kugwedezeka kumene simungakuone pa 1x kumakula kasanu pa 5x. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zigunde m'nthiti, ndipo ngati pali khoma kapena mpanda, gonekanipo m'mphepete mwa foni. Kudina batani la pasikirini kumakankha foni pa nthawi yeniyeni yojambula, choncho ikani Timer pa masekondi 2 kapena 3, dinani, kenako ingokhalani chete.

Ojambula zithunzi ali ndi lamulo lakale loti nthawi imene kamera ikhala chitsegukire isapitirire 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi. Pa lenzi ya 5x, imene imafanana ndi mamilimita 120, ndiye kuti 1/120 ya sekondi kapena mofulumirirapo. Malenzi okhala ndi chothandizira kugwedezeka, chimene pa mndandanda wa zida za foni chimalembedwa OIS, amakupatsani mpata wochulukirapo, koma amangothandiza dzanja lanu, saimitsa mwana amene akuthamanga. Pa munthu kapena nyama yoyenda, lowani mu Pro, ikani nthawiyo pa 1/500 ya sekondi, ndipo mulole ISO, nambala imene kamera imakweza kuwala kukachepa, ikwere yokha.

11. Gwirani pasikirini pamene pali chinthucho. Kamera ikasiyidwa yokha imakonda kugwira chimene chili pafupi: nthambi, waya wa mpanda, mutu wa munthu amene ali kutsogolo kwanu. Dinani pa chinthu chanu. Mukadina n'kugwiritsa kwa kamphindi, fokasi imakhoma, pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF LOCK, pa mafoni ambiri a Android pamaoneka kaloko. Ngati chinthucho n'choyera kapena chowala, monga chikwangwani chili padzuwa, tsitsani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kuti zilembo zisapse.

12. Jambulani katatu kapena kanayi, ndipo khalani chete kamphindi mukadina. Mafoni amakono amajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Google inayamba kugwiritsa ntchito njira imeneyi pa zumu mu 2018 ndi Pixel 3, n'kuitcha Super Res Zoom. Mukatsitsa foni msanga, mungasokoneze ntchitoyo. Pambuyo pake tsegulani chilichonse, kulitsani pa chinthu chenichenicho, sungani chakuthwa kwambiri.

Gawo lachinayi: chithunzi chikatulukabe choipa, chiwerengeni

Kufifila kulikonse kuli ndi nkhope yake, ndipo mukaizindikira mumadziwa choti mukonze. Tsegulani chithunzicho, kulitsani, yang'anani m'mphepete mwa chinthu chowongoka monga mtengo wa magetsi kapena denga.

Ngati mzere ukuoneka pawiri, kapena zinthu zonse zakokekera mbali imodzi, ndi dzanja. Pa Details mupeza nthawi yaitali monga 1/15 kapena 1/30. Bwererani ku sitepe 10. Ngati kumbuyo kuli kwakuthwa koma munthu yekha ndiye wakokeka, iyeyo ndi amene anasuntha. Ngati nthambi yapafupi ili yakuthwa koma mbalame ili mbuu, ndi fokasi.

Ngati mizere siili pawiri koma khungu, udzu ndi masamba zasalala zopanda tsatanetsatane, pali zifukwa ziwiri, ndipo ISO ndi imene imazisiyanitsa. Ikakhala yotsika, monga 50 kapena 100, kuwala kunali kokwanira ndipo vuto ndi kuchepa kwa timadontho: yandikirani kapena tsitsani zumu. Ikakhala yokwera, monga 800 kapena 1600, pulogalamu yochotsa tinjerenjere ndi imene yasalaza, ndipo mankhwala ake ndi kuwala kapena Night pa foni yotsamiritsidwa.

Palinso vuto lina limene foni iliyonse, ngakhale yodula chotani, singalithetse. Ngati mizere yowongoka yapindikapindika, ndipo zithunzi ziwiri zojambulidwa motsatizana zapindika mosiyana, wolakwa ndi mpweya. Dzuwa likatenthetsa msewu, malata kapena mchenga, mpweya wotentha umakwera n'kusakanikirana ndi wozizira, ndipo kuwala kumakhota podutsamo. Mtunda ukatalika, mpweya wotero umachuluka pakati pa inu ndi chinthucho. Fumbi, utsi ndi chinyezi nazonso zimachititsa phiri kapena nyumba yakutali kutuwa. Jambulani m'mawa nthaka isanatenthe, kapena mvula itangosiya, ndipo kwerani pamalo okwera kuti kuwala kusadutse pafupi ndi nthaka yotentha.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Choyamba ndi kukhulupirira sikirini pa nthawi yojambula. Sikirini ya foni ndi yaing'ono, imabisa zambiri. Kulitsani chithunzi musanachoke pamalopo, pamene mungathe kubwereza.

Chachiwiri ndi kujambulira m'kati mwa WhatsApp, Facebook kapena Instagram. Makamera a m'mapulogalamu amenewa, makamaka pa Android, nthawi zambiri sagwiritsa ntchito luso lonse la kamera ya foni, ndipo zumu yawo imangokhala yodula. Jambulani ndi kamera ya foni, kenako tumizani.

Kutumizako nakonso kumawononga. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye data yambiri, ndipo tizilembo tating'ono ndi timene timayamba kufa. Dinani HD musanatumize, kapena tumizani ngati Document kuti chipite chathunthu. Ngati chofunika ndi kachigawo kakang'ono ka chithunzi, kaduleni kaye pa Edit. Chimodzimodzi musatenge chithunzi cha sikirini pa chithunzi chimene mwakulitsa, chifukwa mumangosunga timadontho ta sikiriniyo.

Ena amayatsa fulashi pojambula munthu ali pa siteji usiku. Kanyali ka foni kamafika mamita ochepa chabe. Kamawalitsa mitu ya amene ali kutsogolo kwanu ndi fumbi la mumpweya, pamene wa pa sitejiyo sakupindula kanthu. Zimitsani, dinani pa nkhope ya munthuyo, tsitsani kuwala pang'ono.

Kujambula kudzera pagalasi la windo la galimoto kapena la nyumba kumawonjezera dothi ndi zithunzithunzi za m'kati. Ngati windo silingatseguke, lipukuteni, yandikizani foni mpaka itsale pang'ono kugunda galasi, ndipo mulozetse lenzi molunjika, osati mopendekera. Injini ikamalira musagunditse foni pagalasi, chifukwa kunjenjemera kwa galimoto kumalowa m'chithunzi.

Pogula foni, ambiri amakopeka ndi nambala yaikulu ya zumu yolembedwa pabokosi. Fufuzani pa mndandanda wa makamera mzere wolembedwa telephoto kapena periscope, onani nambala ya x imene ili pambali pake, ndipo onani ngati palembedwa OIS. Lenzi ya periscope imagonekedwa m'litali mwa foni ndipo kuwala kumakhotetsedwa ndi kagalasi kuti kulowemo, n'chifukwa chake bowo lake nthawi zambiri limaoneka la makona anayi m'kati. Ngati mzere umenewo palibe, zumu yonse ya foniyo ndi yodula kuchokera ku kamera yaikulu, ndipo malire ake abwino ali pa 2x.